Kalata ya wapampando kwa ofunsira ntchito ya kushedi: awiri afanana pa 70

aPhiri, mlembi wa komiti, Chipata

Moni nonse pagulu pano. Kopaletivi ina yogula soya ndi mtedza kuno ikufuna kalaliki wa kushedi, wolemba matumba olowa ndi otuluka. Komiti yamaliza kusefa makalata, ndipo wapampando akufuna kulembera onse amene anafunsira, osati okhawo oitanidwa ku intavyu. Kalatayo ili motere pakadali pano:

"Okondedwa ofunsira ntchito,

Zikomo chifukwa chofunsira ntchito ya ukalaliki wa kushedi. Tinalandira makalata 64. Mwa amenewa, 19 sanapitirire chifukwa anafika tsiku lotsekera litadutsa, kapena analibe kope la reji, kapena analibe satifiketi ya Giledi 12 yokhala ndi makirediti asanu kuphatikizapo Chingerezi ndi Masamu. Makalata 45 otsalawo anawerengedwa ndi mamembala atatu a komiti, aliyense payekha. Malikisi onse anali 100: maphunziro 30, ntchito imene munthu anagwirapo kale 40, kudziwa kompyuta ndi mabuku a katundu 20, kalembedwe ka kalata yofunsira 10. Tinasanja anthu kuyambira wa malikisi ambiri, ndipo 6 oyambirira aitanidwa ku intavyu. Womaliza kuitanidwa anapeza 70. Nambala yanu ndi ....., ndipo munapeza ..... .

Ndine wanu,
Wapampando wa komiti"

Vuto ndi ili. Apamwambawo apeza 86, 81.3, 78, 75.3, 72, 70, 70 ndi 68.7. Awiri a 70 aja ndi nambala 17 ndi nambala 31. Komiti yaitana 17, yasiya 31. Kalatayi ikapita chonchi, 31 awerenga kuti womaliza kuitanidwa anapeza 70, iyenso ali ndi 70, koma sanaitanidwe. Tiikonze bwanji?

Amai Tembo, Chipata

aPhiri, tisanayambe kukonza mawu, tipatseni mapointi a awiriwa monga momwe membala aliyense anaperekera. Ndipo tiuzeni, lamulo losiyanitsa ofanana linalembedwa mumaminitsi maenvulopu asanatsegulidwe, kapena linabwera mutaona kuti afanana?

aPhiri, mlembi wa komiti, Chipata

Membala aliyense amapereka mapointi 0 mpaka 5 pa gawo lililonse. Timatenga avereji ya atatuwo, kugawa ndi 5, kenako kuchulukitsa ndi malikisi a gawolo.

Nambala 17: maphunziro 4, 4, 4. Ntchito yakale 3, 4, 2. Kompyuta ndi mabuku 4, 3, 5. Kalata 3, 3, 3.

Nambala 31: maphunziro 5, 5, 5. Ntchito yakale 2, 2, 2. Kompyuta ndi mabuku 4, 4, 4. Kalata 4, 4, 4.

Lamulolo lili mumaminitsi a msonkhano woyamba: akafanana, amatsogola amene wapambana pa ntchito yakale.

aSakala, Katete

Koma apa masamu alakwika, aPhiri. Ma avereji a 17 ndi 4, 3, 4, 3, kuphatikiza ndi 14. A 31 ndi 5, 2, 4, 4, kuphatikiza ndi 15. Ndiye afanana bwanji? 31 ali patsogolo ndi pointi imodzi, ndipo wadyeredwa masuku pamutu.

Amai Tembo, Chipata

Kuphatikiza kwanu kulibe cholakwa, aSakala, koma mwaiwala kuti magawowa salemera mofanana. Pointi imodzi pa ntchito yakale ndi malikisi 8, chifukwa 40 kugawa ndi 5 ndi 8. Pointi imodzi pa maphunziro ndi 6, pa kompyuta ndi 4, pa kalata ndi 2 basi.

Ndiye 17: maphunziro 4 kuchulukitsa ndi 6 ndi 24, ntchito 3 kuchulukitsa ndi 8 ndi 24, kompyuta 16, kalata 6. Zonse 70. Kwa 31: maphunziro 30, ntchito 16, kompyuta 16, kalata 8. Zonse 70. 31 waposa mnzake ndi pointi pa maphunziro ndi pointi pa kalata, zomwe ndi 6 ndi 2. 17 wabweza zonsezo ndi pointi imodzi yokha ya ntchito.

Ndipo zimene mwachita inuzo ndi zomwe wofunsira aliyense adzachite akadzaona mapointi ake. Nchifukwa chake kalata ya aPhiri ikusowa chinthu chachikulu. Ikunena kuti gawo la ntchito linali ndi 40, koma siikunena njira yochokera pa 0 mpaka 5 kukafika pa 40. Muyezo wa kalata yotere ndi umodzi: munthu akakhala ndi cholembera ndi kapepala, athe kuwerengera yekha malikisi ake n'kupeza nambala yomweyo imene komiti inapeza. Akalephera, amayamba kuganiza kuti nambalayo anaiphika.

aSakala, Katete

Chabwino, za kulemerazo ndamva. Komabe 31, wa dipuloma, kufanana ndi 17, wa satifiketi, zikumveka zachilendo.

aMwale, Lundazi

Si zachilendo pa ntchito ya kushedi. Wa dipuloma amene sanaimepo pa sikelo alimi akulimbirana sangadziwe msanga kuti buku likunena matumba 300 pomwe mu shedi muli 296. Komiti ikaika 40 pa ntchito yakale imakhala yasankha dala. Chofunika n'chakuti chilengezo cha ntchito chinanenanso zomwezo. Ngati chilengezo chinatsindika maphunziro, kenako komiti n'kulemeretsa ntchito yakale, pamenepo ndiye aSakala angakhale ndi mlandu.

Amai Daka, Petauke

Pepani ndifunse. Mwana wa mlongo wanga anapeza mapointi 14 ku Giledi 12, ndiye pa mndandanda woterewu angakhale pamwamba eti? Poti ochepa ndiwo abwino.

aMwale, Lundazi

Ayi amai, izi n'zosiyana. Ku ECZ, bungwe loyendetsa mayeso kuno ku Zambia, giredi 1 ndiyo yabwino kwambiri ndipo 9 ndi kulephera, choncho mapointi ochepa ndiwo abwino. Pa kusefa makalata a ntchito, ambiri ndiwo abwino. Giledi 12 apa inali khomo chabe: makirediti asanu, kutanthauza magiredi 1 mpaka 6, ndi Chingerezi ndi Masamu momwemo. Ukalowa pakhomopo, wa mapointi 14 ndi wa 28 amayambira pamodzi, pokhapokha komiti itanena kuti iziwerengeranso.

Koma aPhiri, funso la amaiwa liwonjezereni chiganizo m'kalata. Kuno tinazolowera kuti nambala yaing'ono ndiyo yopambana. Lembani poyera kuti malikisi ambiri ndiwo abwino. Komanso mawu oti "nambala yanu ndi 17" wina awatenga ngati wakhala wachi 17 pa mndandanda. Muziti "nambala ya kalata yanu", ndipo malo ake pa mndandanda muwalembe padera, monga "mwakhala pa malo a 7 mwa anthu 45".

Amai Tembo, Chipata

Tsopano tibwere pomwe pagona nkhani. aPhiri, kufanana pa 70 si vuto lenileni. Onaninso mapointi a 17 pa ntchito yakale: 3, 4, 2. Pa kalembedwe ka kalata anthu akhoza kusiyana, poti n'zoona ndi maso. Koma zaka zimene munthu wagwira ntchito n'zowerenga. Anthu atatu owerenga pepala limodzi sangapeze mayankho atatu pokhapokha ngati muyezo sunafotokoze china chake. Muyezo wanu wa gawoli ukuti chiyani, ndipo pepala la 17 likuti chiyani?

aPhiri, mlembi wa komiti, Chipata

Muyezo: sanagwirepo 0, osakwana chaka 1, chaka mpaka osakwana zaka ziwiri 2, zaka ziwiri mpaka osakwana zitatu 3, zitatu mpaka zisanu 4, kupitirira zisanu 5.

Kalata yomuchitira umboni 17 ikuti anali kalaliki wa pa depoti yogulira mbewu kuyambira 2020 mpaka 2023, nyengo iliyonse kuyambira Meyi mpaka Seputembala. 31 anagwira miyezi 18 yotsatizana mu sitolo ya zipangizo zomangira.

Amai Tembo, Chipata

Ndi pomwepo. Membala wa 4 uja anawerenga zaka za pa kalendala: 2020, 2021, 2022, 2023, zaka zinayi. Wa 2 uja anawerenga miyezi: nyengo zinayi za miyezi isanu ndi miyezi 20, chaka chimodzi ndi miyezi 8. Wa 3 uja akuoneka kuti anaona zonse ziwiri n'kuima pakati. Avereji yatuluka 3, koma palibe kawerengedwe kalikonse komwe kamapatsa munthuyu zaka ziwiri mpaka zitatu. Avereji ndi yothandiza anthu akasiyana pa kaonedwe. Akasiyana pa tanthauzo la lamulo, avereji imangobisa kusiyanako.

Taonani zomwe zikusintha. Mukawerenga miyezi, 17 apeza 2, malikisi 16 pa gawoli, onse pamodzi 62. Watsika, ndipo 31 walowa pa malo a 6 popanda mkangano. Mukawerenga za pa kalendala, 17 apeza 4, malikisi 32, onse pamodzi 78, wafanana ndi wachitatu, ndipo 31 watsala kunja pa malo a 7. Munthu mmodzi akhoza kukhala ndi 62 kapena 78 malinga ndi tanthauzo la liwu loti chaka. Ndiye wapampando asayine bwanji kalata yonena kuti 17 anapambana 31 pa ntchito yakale, pomwe pa miyezi ndi 20 kwa 18, onse m'bokosi limodzi la mapointi 2?

Kalata isatuluke izi zisanakonzedwe. Ndipo kuno kum'mawa 17 sangakhale yekha. Ntchito zambiri za makalaliki n'za nyengo, kaya kugula chimanga, thonje, fodya kapena soya. Pa 45 aja muli ena otero.

aSakala, Katete

Ndiye n'zosavuta. Akhale pansi asankhe miyezi, amuwerengerenso 17, basi. Miyezi ndiyo yachilungamo.

aNgoma, Chipata

Mwafulumira, aSakala. Miyezi ndingaivomere, koma kuwerengeranso munthu mmodzi yekha ayi. Komiti panopa ikudziwa kuti kusankha miyezi ndi kulowetsa 31, kusankha kalendala ndi kulowetsa 17. Lamulo lililonse limene asankhe lero lili ndi nkhope ya munthu. Chimene chingawateteze ndi kuligwiritsa kwa onse 45, ndi kulemba chifukwa chake mumaminitsi asanayambe kuwerenganso.

Ndondomeko yake ikhale yotere. Mlembi atulutse mapepala 45 aja, alembe pambali pa nambala iliyonse miyezi imene ili ndi umboni, tsiku loyamba ndi lomaliza, osati zimene munthu wangolemba yekha pa pepala la mbiri yake. Mamembala awiri atsimikizire miyeziyo. Akatero, mapointi a gawoli amangotuluka okha pa muyezo, ndipo atatu onse ayenera kukhala ndi nambala imodzi. Mapepala akale a mapointi asang'ambidwe kapena kufufutidwa. Asungidwe, atsopano aikidwe pamwamba ndi deti lake ndi masiginecha. Wina akadzafunsa kuti 70 inasanduka bwanji 62, yankho likhale mufayilo.

Komanso dziwani kuti enanso asuntha. Wa 72 uja kapena wa 75.3 akhoza kukhala wa nyengo amene anapindula ndi kalendala.

aMwale, Lundazi

Ine pa miyezi sindikugwirizana nanu kwenikweni. Nyengo zinayi pa depoti yogulira mbewu ndi ntchito yeniyeni imene kopaletiviyi ikufuna: sikelo, matumba a makilogalamu 50, malisiti a alimi, kuwerenga matumba pokweza mu lole, kuona chinyezi. Miyezi 18 yogulitsa misomali ndi simenti ndi yabwino, koma si yomweyo. Ndipo munthu amene aitanidwanso nyengo zinayi zotsatizana ndiye kuti mabuku ake ankagwirizana. Kuwerenga miyezi yokha kukupha zimenezi.

aNgoma, Chipata

Mukunena zoona, koma muyezo umene komiti inavomereza ukunena za kutalika kwa nthawi, sukunena za mtundu wa shedi. Zimenezo zikanalembedwa poyamba, mwachitsanzo kuti nyengo yathunthu yogula mbewu iziwerengedwa ngati chaka. Kuziwonjezera lero ndi kusoka malaya poyeza munthu amene mwamuona kale. Pa ntchito yotsatira azilembe.

aMwale, Lundazi

Koma miyezinso sinalembedwe, aNgoma. Muyezo ukungoti zaka. Zonse ziwiri n'zowonjezera lero.

Amai Tembo, Chipata

aMwale akhoza pamenepo, ndipo nchifukwa chake ine ndikanalangiza njira yachitatu: itanani onse awiri, akhale 7. Ngati chilengezo sichinalonjeze kuti oitanidwa adzakhala 6 ndendende, nambala 6 inali yongothandiza komiti kuti intavyu ithe tsiku limodzi. Munthu mmodzi wowonjezera ndi mphindi 30 kapena 40. Funso la nyengo ndi miyezi likafunsidwe pamaso: apatseni onse khadi la katundu lokhala ndi cholakwika, muone amene achipeze.

Komabe kuwerenganso miyezi kwa onse 45 kuchitike ndithu, chifukwa pansipa pakhoza kukhala wina amene mamembala awiri anamuwerengera miyezi pomwe 17 anapindula ndi theka la kalendala. Werengerani mndandanda kawiri, wa miyezi ndi wa kalendala. Amene ali m'gulu la 6 pa mndandanda uliwonse mwa iwiriyi aitanidwe. Akakhala 7 kapena 8, palibe chovuta. Akafika 12, ndiye kuti muyezo unali wosalongosoka kwambiri ndipo komiti iyenera kusankha tanthauzo limodzi.

aSakala, Katete

Nanga wa 68.7 uja? Mukatsegula khomo kwa wachi 7, wachi 8 adzati nanenso ndinali pafupi.

Amai Tembo, Chipata

Adzaterodi, ndipo ali pafupi kuposa momwe akudziwira. Membala mmodzi akasintha pointi imodzi pa ntchito yakale, malikisi amasuntha ndi 8 kugawa ndi 3, pafupifupi 2.7. Kusiyana kwa 70 ndi 68.7 ndi 1.3. Koma mzere uyenera kugwa penapake. Kusiyana kwake n'kwakuti 31 wafanana ndi woitanidwa, ndipo chomusiyanitsa chapezeka chokayikitsa. Wachi 8 sanafanane ndi aliyense. Kalata inene zimenezi mosabisa, kuti mzere unagwa pa 70 ndipo onse ofika 70 aitanidwa. Isanamize munthu kuti wa 68.7 ndi wosayenera ntchito, poti malikisiwa sanayeze zimenezo.

aLungu, Nyimba

Ndiwonjezere za pa kompyuta, poti mndandanda ngati uwu umatuluka mu Excel ndipo zolakwika zina zimabadwira momwemo. Tinene kuti mapointi atatu a ntchito yakale ali mu F, G ndi H, malikisi a gawolo mu I, ndipo onse pamodzi mu R.

```
=AVERAGE(F2:H2)/5*40
=RANK(R2,$R$2:$R$46,0)
```

Choyamba, AVERAGE imadumpha bokosi lopanda kanthu koma imawerenga 0. Membala akadzipatula chifukwa wofunsira ndi wachibale wake, bokosi lake lisiyidwe lopanda kanthu. Mukalembamo 0, munthu wa 4 ndi 4 amatsika kuchoka pa malikisi 32 kufika pa 21.3, popanda chimene walakwa. Mbali inayo, ngati membala anangoiwala kulemba, kompyuta sikuuzani, imangogawa ndi 2. Werengani mabokosi opanda kanthu musanasindikize, ndipo lililonse likhale ndi chifukwa chake mumaminitsi.

Chachiwiri, zizindikiro za $ zija zisasowe. Zikasowa, mukakokera fomula pansi munthu aliyense amayerekezedwa ndi okhawo ali mmunsi mwake, ndipo mupeza anthu angapo ali pa malo a 1. RANK ikamagwira bwino, ofanana awiri onse imawapatsa 6, wotsatira n'kukhala 8. Malo a 7 akasowa musadabwe.

Chachitatu, onetsani nambala imodzi kumanja kwa kadontho. Mukabisa, 70.7 ndi 71.3 onse amaoneka 71, ndipo komiti imayamba kusiyanitsa anthu amene sanafanane n'komwe.

aPhiri, mlembi wa komiti, Chipata

Zikomo aLungu. Bokosi lopanda kanthu lilipo limodzi, pa nambala 40, membala anadzipatula. Kodi zimenezi zilowe m'kalata?

aNgoma, Chipata

Zilowe m'chiganizo chimodzi chopita kwa onse: "Membala amene amadziwana ndi wofunsira sanapereke mapointi pa kalata imeneyo, ndipo avereji inatengedwa kwa otsalawo." Musatchule membalayo kapena nambala. M'tauni ngati Chipata anthu amadziwana, ndipo mphekesera yoti wakutiwakuti ali ndi mphwake pa mndandanda imafika ku Kapata kalata isanafike. Bola aimve kwa wapampando pamodzi ndi chimene chinachitidwa.

Koma bokosi limodzi lokha? Ngati anadzipatula pa nambala 40, mabokosi ake opanda kanthu ayenera kukhala anayi, gawo lililonse limodzi. Kaoneni.

aPhiri, mlembi wa komiti, Chipata

Ndi anayi, ndimatanthauza munthu mmodzi.

aSakala, Katete

Ine ndikuona kuti njira yothetsera manong'onong'o onse ndi kumata mndandanda wonse pa chitseko cha ofesi, mayina ndi malikisi, monga zotsatira za mayeso. Aliyense adzionere yekha.

Amai Tembo, Chipata

Mndandanda inde, mayina ayi. Ena mwa ofunsirawa ali pa ntchito kwina ndipo abwana awo sakudziwa kuti akufuna kuchoka. Malikisi a munthu pamodzi ndi dzina lake ndi nkhani yake, ndipo dziko lino lili ndi lamulo loteteza nkhani zotere kuyambira 2021. Anapereka mapepala ake kuti aganiziridwe ntchito, osati kuti aikidwe pa chitseko. Chimene chingaikidwe m'kalata ya onse ndi malikisi okha, kuyambira 86 kutsika, opanda mayina ngakhale manambala a makalata, chifukwa manambalawo anthu anaonerana tsiku lopereka. Tsamba lachiwiri likhale la munthu payekha: avereji yake pa magawo anayi, malikisi a gawo lililonse, onse pamodzi ndi malo ake.

Mapointi a membala aliyense payekha musawatumize. Mukatero anthu ayamba kufufuza kuti wa 2 uja ndani, ndipo ulendo wina palibe adzavomere kulowa mukomiti.

Ndipo 19 aja asalandire kalata yofanana ndi ya 45. Alibe malikisi, ndiye mpata wa "munapeza" udzakhala wopanda kanthu, kapena wina adzalembamo 0, zomwe si zoona. Kalata yawo ingonena chimene chinasowa kwa munthuyo: inafika mochedwa, panalibe reji, kapena Masamu anali 7.

Amai Daka, Petauke

Nanga sangawonjezereko malikisi kwa ana a konkuno? Ntchito ili ku Chipata koma mupeza watenga ndi wochokera ku Lusaka.

aNgoma, Chipata

Ayi amai. Lamulo la za ntchito la 2019 limaletsa kusala wofunsira ntchito chifukwa cha mtundu wake kapena kumene amachokera. Chimene komiti ingafune ndi luso logwirizana ndi ntchitoyo, monga kutha kulankhulana ndi alimi pa sikelo, ndipo chilembedwe m'chilengezo pachiyambi. Wa ku Lusaka wodziwa Chinyanja amakwanitsa. Apa sichinalembedwe, ndiye chisalowe m'malikisi, ndiponso chisagwiritsidwe posiyanitsa 17 ndi 31.

aMwale, Lundazi

Chinanso chosowa m'kalata: malikisiwa akupita nawo ku intavyu kapena onse akukayambira pa 0? Wa 86 akuganiza kuti ntchito waipeza kale. Wa 70 wochokera kuno ku Lundazi akuwerengera ndalama ya basi n'kumadzifunsa ngati n'koyenera kupita.

aPhiri, mlembi wa komiti, Chipata

Maminitsi akuti kusefa kunali kosankhira oitanidwa basi. Ku intavyu akuyambira pamodzi.

aMwale, Lundazi

Ndiye lembani choncho, ndipo oitanidwawo musawauze malo awo mpaka intavyu itatha. Kuwauza kumangotukumula wina ndi kufooketsa wina pa chinthu chosawerengedwanso.

Amai Tembo, Chipata

Apo tisiyana pang'ono, aMwale. Ngati 38 otsala akulandira malikisi awo, oitanidwa adzafunsa awo, ndipo kuwakaniza kumaoneka ngati pali chobisa. Ine ndingawapatse malikisi a munthu payekha n'kuwauza kuti sakupita nawo m'chipinda. Amene ayenera kubisiridwa ndi ofunsa mafunso, ngati ali ena osati atatu aja. Akalowa akudziwa kuti uyu ndi wa 86, amamva mayankho ake ndi khutu lina. Koma izi wapampando asankhe.

aPhiri, ndime yapakati ndingailembe motere, mukamaliza kuwerenganso:

"Membala aliyense anapereka mapointi 0 mpaka 5 pa gawo lililonse, ndipo tinatenga avereji. Pointi imodzi inali malikisi 6 pa maphunziro, 8 pa ntchito yakale, 4 pa kompyuta ndi mabuku, 2 pa kalata. Mwachitsanzo, wa avereji 3 pa magawo onse anapeza 18, 24, 12 ndi 6, pamodzi 60. Malikisi ambiri ndiwo abwino. Titamaliza tinaona kuti mamembala anawerenga mosiyana ntchito za nyengo, ena potsata miyezi, ena potsata zaka. Tinawerenganso gawo limeneli kwa onse 45 m'njira zonse ziwiri, ndipo taitana aliyense amene anali pakati pa 6 oyambirira pa njira imodzi kapena inayo. Ngati mukuona kuti pepala limene munapereka silinawerengedwe, kapena masamu alakwika, lemberani mlembi pasanafike pa ..... . Mapepala atsopano sitilandira."

Chiganizo chomalizachi n'chofunika. Popanda icho, mudzalandira masatifiketi amene sanali mu envulopu, ndipo mukalandira la mmodzi muyenera kulandira a onse. Tsiku lomaliza madandaulo likhale intavyu isanachitike, apo ayi kudandaulako n'kopanda ntchito. Masiku asanu ogwira ntchito ndi okwanira ngati kalata ikupita pa foni. Ngati ena akukaitenga ku ofesi kuchokera ku Chadiza kapena Vubwi, wonjezerani.

aSakala, Katete

Kuvomera m'kalata kuti mamembala anawerenga mosiyana, si kudziyalutsa? Anthu adzati komiti yosadziwa ntchito.

aNgoma, Chipata

Atatu aja akudziwa, mlembi akudziwa, ndipo 17 akadzaona tsamba lake adzafunsa kuti mapointi ake anachokera pa miyezi 20 kapena zaka zinayi. Sizingabisike. Chimene sindikugwirizana nacho pa ndime ya Amai Tembo ndi china: ngati pali mindandanda iwiri, pa tsamba la munthu mulemba malikisi ati? 17 ali ndi 62 ndi 78. Chiganizo choti mzere unagwa pa 70 sichikugwiranso, chifukwa mizere yakhala iwiri. Kalata imene imafuna kuti munthu awerengere yekha tsopano ikumupatsa mayankho awiri.

Amai Tembo, Chipata

Kwa amene anagwira ntchito yotsatizana, manambala awiriwo adzakhala amodzi. Kwa a nyengo okha ndi komwe tsamba lidzakhale ndi mizere iwiri, "potsata miyezi" ndi "potsata zaka", ndi malikisi a wachi 6 pa njira iliyonse. Ndikuvomera kuti kalata ikulemera. Koma kusankha njira imodzi lero ndi kusankha pakati pa 17 ndi 31, monga munanenera nokha.

aNgoma, Chipata

Ndinatero, komabe ndingakonde tanthauzo limodzi lolembedwa chifukwa chake kusiyana ndi awiri. Tione kaye kuti a nyengo ndi angati. Akakhala atatu, njira yanu ndi yopepuka. Akakhala 15, ayi.

aPhiri, mlembi wa komiti, Chipata

Ndawerenga mapepala onse 45. A ntchito za nyengo ndi 11, ndipo awiri mwa iwo makalata awo a umboni angotchula zaka, sanatchule miyezi. Amenewo tiwawerengere bwanji, tiimbire amene anawalembera umboniwo kapena kumeneko n'kulandira pepala latsopano?